Tsiku Limene Ndinaphimba Nkhope ya Apongozi

Ine ndine mkamwini, ndipo sindibisa. Ndinachoka kwathu ku Wimbe kudzakhala kwawo kwa mkazi wanga, kufupi ndi Chamama, komwe ndimakonza njinga pansi pa mtengo wa mango pamsika. Anzanga amandiseka kuti ndinakwatiwa. Aseke mpaka nthiti ziwawe, ine ndimagona tulo tabwinobwino.

Pa zaka zonse zimene ndakhala pamudzi uno, ndinali ndisanawayang'anepo apongozi anga aakazi kumaso. Tikakumana panjira, ine ndinkapatukira m'udzu n'kunjuta, iwo n'kuyang'ana kumbali, moni n'kumapatsana ngati tikulankhula ndi mitengo. Achinyamata ambiri anazisiya zimenezi, koma apongozi anga ndi a mwambo, ndipo nanenso ndinaleredwa ndi anthu osamva za masiku ano. Mukanandifunsa kuti amaoneka bwanji, ndikanakufotokozerani bwino za mapazi awo, mawu awo ndi mfundo ya duku lawo cha kunkhongo. Za mphuno ndi maso ndinkangomva kwa anthu.

Chaka chimene ndikunenachi, apongozi aamuna anali atangotisiya kumene, fodya atagulitsidwa. Anali munthu wofatsa, mlimi weniweni, ndipo munda wa fodya ankalima awiriwiri ndi akazi awo chikwatiranireni. Maliro atatha, amalume a mkazi wanga, amene ndi mlongo wawo wa apongozi komanso mwini mbumba, ananena mawu pamaso pa abale onse. Anati fodya si ntchito ya mayi wamasiye, munda aupereke kwa mphwawo wina wa mphamvu zake, apongozi azipuma. Apongozi anakana. Amalume aja anati chabwino, tionera nazale: mbande zikakanika, nkhani yatha, munda upita.

Ndiye mumvetse kuti mabedi a nazale kudambo kuja sanali mabedi chabe. Apongozi anafesa okha, anaphimba udzu okha, ndipo ankapita kukathirira atavala jekete la malemu amuna awo, ngakhale kutenthe chotani. Kheni yothirira inalinso ya malemuwo, ndipo pambali pake panali dzina lawo, lolembedwa ndi penti yotsala pachitseko.

Tsiku lina m'mwezi wotentha uja, mkazi wanga anafika pamsika akupuma mwabefu.

"Bambo a mwana, siyani tcheniyo. Mbande za amayi zikufa."

Tinathamangira kudambo. Zinali zoona. Pakati pa bedi panali malo ozungulira ngati pogona galu, pomwe timbande tinali titagwa chagada, tsinde litaonda ndi kuda cha m'munsi. Apongozi anali chiimire, atandifulatira monga mwa nthawi zonse, ndipo analankhula kwa mwana wawo ngakhale mawuwo anali anga.

"Uwauze bambo kuti malume ako asamve."

Ine ndinadzimva kuti tsiku langa lafika. M'foni mwanga munali pulogalamu imene alangizi a zaulimi anatiikira ife a m'kalabu ya fodya, ija amati ili ndi nzeru zochita kupanga. Umaitumizira chithunzi cha mbewu yodwala, n'kufunsa, iyo n'kukuyankha molemba. Ndinauza mkazi wanga kuti awauze amayi ake kuti ndijambula bedi.

Apa mpamene zinayambira kukhota. Apongozi atamva mawu oti kujambula, anamanganso duku, n'kukoka jekete kuti likhale bwino, n'kutola timbande takufa todzaza chikhatho. Kenaka anakaima pakati penipeni pa mabedi, dzanja lina litanyamula mbandezo pafupi ndi chibwano, lina litagwira kheni. Kwa iwo chithunzi ndi chithunzi basi, munthu sajambulidwa ngati mbuzi. Mkazi wanga naye, m'malo mondithandiza, anapukuta kumaso ndi nsonga ya chitenje n'kukaima pambali pa amayi ake.

Tandiuzani, ndi mkamwini uti angauze apongozi ake kuti tachokani apo? Ndinakweza foni, ndinayang'ana kumbali kumene kunali nthochi, ndinadina.

Kudambo kulibe netiweki. Tinakwera kumudzi, ine patsogolo, amayi awiriwo m'mbuyo mwakachetechete. Apongozi anayamba atsalira pang'ono. Ndinadzamva pambuyo pake kuti anazula mbande zonse zodwala n'kuzikwirira m'dzenje, n'kusalaza dothi, kuopa kuti alongo awo angadutse n'kuona.

Tinakhala kuseri kwa chigafa, pomwe netiweki imagwira. Ine ndinakhala pa njerwa, apongozi pamphasa chapatali atayang'ana kwina, mkazi wanga pakati pathu. Ndinatumiza chithunzi, ndinalemba funso, ndinapereka foni kwa mkazi wanga kuti awerenge mokweza, poti iye sukulu anapita nayo patali kundiposa.

Yankho linabwera m'Chichewa chowuma ngati cha munthu wochita kuphunzira atakula. Linayamba n'kufotokoza zimene likuona. Linati pachithunzi pali mabedi a mbande ophimbidwa ndi udzu, pali amayi awiri, wamkuluyo wavala jekete ndipo wagwira chothirira cholembedwa dzina. Mkazi wanga, mmene amawerengera m'tchalitchi osapumira, anangopitirira n'kulitchula dzinalo, dzina la bambo ake, lonse lathunthu.

"Mayo ine!" Apongozi anadzuka pamphasa ngati alumidwa ndi linthumbu. "Chawadziwa bwanji? Munthu ali kumanda, icho chikumutchula dzina masanasana? Chizimitseni! Uwauze bambo achizimitse!"

Ine ndinalanda foni n'kufufuta zokambirana zonse m'pulogalamumo, chithunzi ndi yankho lomwe. Ndinachita zimenezi mwachangu moti za matenda a mbande palibe anawerengako ngakhale liwu limodzi. Nkhuku inadutsa pakati pathu, inatiyang'ana, inapitirira.

"Ndiye kuti mudzi wonse waona," anatero apongozi. "Malume ako ali m'kalabu. Foni ali nayo."

Ndinayesa kufotokoza, kudzera mwa mkazi wanga, kuti pulogalamuyo ndi ina, gulu la pafoni la kalabu ndi linanso. Koma chilungamo chake, nane sindinkadziwa bwinobwino kuti chithunzi chikachoka m'foni chimakagona kuti. Ndinaimbira alangizi. Alangizi athu ndi mayi wa njinga yamoto, wolankhula mosazungulira, ndipo tsikulo anali kutali cha ku Lukwa. Ndinakweza mawu a foni kuti tonse timve.

"Amayi, musaope," anatero atamva nkhani yonse. "Ku gulu la kalabu sikunapite kanthu. Chinthucho sichikudziwani inu, ndipo malemu sichikuwadziwa. Chimangowerenga zilembo zilizonse zimene zili pachithunzi. Koma mwachita bwino kudandaula. Chithunzi chikatumizidwa chimakafika m'makompyuta a eni ake kutali. Kwanuko mwafufuta, koma sindingakulumbirireni kuti kwawoko chafufutika lero lomwe. N'chifukwa chake ndimanena pamisonkhano kuti nkhope ndi mayina muziyamba mwaphimba. Kungoti pamisonkhano anthu mumakhala mukusenda mtedza."

"Ndiye titani?" ndinafunsa.

"Kajambuleninso mbande zodwalazo, popanda anthu."

Mkazi wanga anayang'ana amayi ake. Amayi ake anayang'ana denga la chigafa. Mpamene zinaululika za dzenje lija.

"Chabwino," anatero alangizi atapuma mpweya wautali. "Gwiritsani ntchito chithunzi chomwecho, chikadalipo m'foni mwanu. Musachidule kwambiri, chifukwa pakufunika paoneke bedi lonse, udzu, ndi mbande zili m'manjazo. Phimbani nkhope ndi dzina lililonse. Mukatha, jambulani zimene zikuoneka pagalasi la foni, mutumize chimenecho, chifukwa chithunzi choyamba chimatha kusunga mkati mwake malo ndi tsiku limene munajambula. Mukatero munditumizirenso ine."

Kunena n'kosavuta. Ndinapereka foni kwa mkazi wanga kuti aphimbe yekha nkhope ya amayi ake. Anabisa manja kumbuyo.

"Ine ayi. Bambo angomwalira kumene, ndiye ndizikafufuta nkhope ya amayi ndi dzanja langa? Mukufuna ndizilota chiyani? Foni ndi yanu, munajambula ndinu."

Abale anga, ndakonzapo njinga zogundidwa ndi ngolo, koma ntchito yovuta ngati imeneyi sindinaigwirepo. Kuti uphimbe nkhope bwinobwino osadetsa zapambali, uyenera kuikulitsa ndi zala ziwiri mpaka idzaze galasi lonse. Mbande zofunikazo zinali pansi penipeni pa chibwano. Ndinayesa kuchita nditatsinzina diso limodzi, ndinadetsa mbande. Ndinabweza. Ndinayesa nditayang'ana kumbali, ndinadetsa nthochi. Mapeto ake ndinapempha chikhululukiro chamumtima, ndinaika zala ziwiri pamphumi pa apongozi, ndinatambasula.

Nkhope ija inabwera yonse, n'kundiyang'ana m'maso. Kodi apongozi anga ali ndi kachipsera pamwamba pa nsidze? Kodi timakutu tating'ono ta mwana wanga wamkazi, tomwe kwathu ku Wimbe ankati si ta mtundu wathu, tinachokera apa? Ndipo maso aja anali ofiira m'mbali, maso a munthu amene sakugona. Chifundo chinandigwira. Eni ake nkhopeyo anali pamphasa pomwepo, akuthothola ulusi pa jekete.

"Mukuchedwa chiyani?" anafunsa mkazi wanga.

"Ndikusankha cholembera."

Ndinasankha cholembera chonenepa kuti ndithane nazo msanga, ndinapaka uku ndi uku. Ndinaonetsa mkazi wanga monyada. Iye anatenga foni, anakalowa nayo mumthunzi, anawonjezera kuwala.

"Awa si amayi awa? Ndikuwaona bwinobwino, ngati ali m'neti ya udzudzu."

Anali kunena zoona. Cholembera chimenecho ndi chija chongodetsa pamwamba, zapansi n'kumaonekabe. Ndinabweza zonse. Kenaka ndinakumbukira tinkhope tachikasu tija timatumizirana pocheza. Timeneto timaphimba kotheratu, ndipo n'kamodzi kokha kudina. Kamene kanali pafupi ndi chala changa kanali kaja koseka mpaka misozi. Ndinakakulitsa, ndinakakhazika pakhosi pa apongozi.

Mkazi wanga anayang'ana, anagwira pakamwa, mapewa anayamba kugwedezeka. Kenaka anakumbukira kuti ndi amayi ake, n'kundimenya paphewa.

"Mulibe manyazi? Mayi wamasiye, wavala jekete la malemu, mbande zikufa m'manja, inu mwamuika mutu wa dzungu woseka?"

"Tabwera nacho ndione," anatero apongozi.

Ndinafuna nthaka ing'ambike. Mkazi wanga anapita nayo foni mogwada. Apongozi anaiika patali ndi maso, anayang'anitsitsa nthawi yaitali.

"Uwafunse bambo ngati umu ndi mmene amandionera."

Ndinayankha ndikuyang'ana njerwa kuti ayi, chala chinaterereka. Ndinachotsa dzungu lija mofulumira. Tsopano ndinapeza cholembera chenicheni, chopaka utoto wokhuthala wosaonekera mkati, ndipo ndinati ndipake wakuda.

"Wakuda ayi," anatero apongozi. "Nsalu yakuda ndavala yokwanira chaka chino."

Ndinati wofiira.

"Ndachita ngozi?"

Ndiye mkazi wanga anayamba kuyenda pakati pa njerwa ndi mphasa, kukaonetsa mitundu ngati wogulitsa nsalu pamsika. Wachikasu unakanidwa chifukwa cha dzungu lija. Wobiriwira anati aoneka ngati mbande. Anagwirizana ndi woyera, wofanana ndi bulauzi ya amayi a kutchalitchi. Ndinakulitsanso nkhope ija, ndinaisisita ndi chala changa chonunkha girisi kuyambira pamphumi, kudutsa pamphuno, mpaka pachibwano, mosamala kuti mbande zitsale. Ya mkazi wanga ndinapaka mosavuta, mwinanso mokondwa pang'ono. Chitenje chake chinali cha chikondwerero cha kutchalitchi, cholembedwa dzina la mpingo wa pamudzi pathu mobwerezabwereza, ndiye ndinalimbana nacho mpaka mkazi wanga anatsala mutu woyera, thupi loyera, mapazi okha.

Kunatsala dzina la pa kheni. Nditanena kuti tsopano ndikuphimba pamenepo, apongozi anasiya kuthothola ulusi pa jekete.

"Analemba okha," anatero apongozi motsitsa mawu. "Ankati makheni amasochera kudambo. Chilembo chomaliza chinachepa chifukwa malo anatha."

Kenaka anafunsa, ndipo kanali koyamba kundifunsa ine mwachindunji, ngakhale nkhope inali kumbali.

"Bambo, mukapaka pamenepo, ndiye kuti lapita?"

"Ayi, amayi. Ndikupaka pa chinzake. Choyamba chija chikhala m'foni mmene chinalili, sichipita kulikonse."

"Pakani."

Ndinapaka pang'onopang'ono. Ndinasunga ngati chithunzi chatsopano, ndinachitsegula chokha, ndinajambula galasi monga ananenera alangizi. Potumiza, zithunzi zonse zinandandalikana ting'onoting'ono tofanana, ndipo chala changa chinali chitalunjika kale pa choyamba chija. Mkazi wanga anandigwira dzanja ngati wogwira mbala. Tinatumiza choyenera.

Ulendo uno yankho silinatchule munthu. Linati likuona mbande zoonda ndi zakuda cha patsinde, zogwa m'malo ozungulira, ndipo n'kutheka kuti ndi matenda oola tsinde amene amakonda chinyezi chambiri, udzu wokhuthala ndi mbande zothinana. Linati silingatsimikize ndi chithunzi chokha, alangizi akaone ndi maso. Linalangiza kupungula udzu kuti mphepo izipita, kuchotsa zodwala, ndi kuchepetsa madzi. Pomaliza linafunsa kuti kodi mabediwo amathiriridwa motani.

"M'mawa ndi madzulo," anatero apongozi. "M'mawa ankathirira malemu, madzulo ine. Tsopano ndimathirira konse, ndipo ndimawonjezerako poti iwo dzanja lawo linali lalikulu."

Mkazi wanga anakanda m'khosi. Anati iyenso, popita kotunga madzi, amadutsirako n'kuthirako pang'ono, poona kuti amayi atopa.

Ndinamva kuti onse awiri akudikira ine. Ndinauza njerwa ija kuti nanenso mbandakucha, ndisanapite kumsika, ndimapatukirako ndi ndowa.

"Ndiye mbande zanga mwakhala mukuzimiza," anatero apongozi. "Banja lonse, aliyense mobisa, ngati mukuba." Anaseka kamodzi kokha, kuseka kouma, koma kanali koyamba chichitikireni maliro.

Alangizi atalandira chithunzi anaimba okha. Anagwirizana nalo yankho lija, anati abwera akaone, ndipo anapempha chinthu chimodzi. Matendawa anali atayamba m'madambo ena, ndipo ankafuna kuika chithunzicho pa gulu la kalabu kuti ena achenjere. Anati ngati amayi sakufuna, sachiika. Apongozi anaitanitsanso foni, anadziyang'ana ali mbuu ngati chipupa chopaka laimu.

"Apa ngakhale ine sindikudzizindikira. Aikeni."

Ine ndinavomereza ndi mtima wonse. Ndinali nditanyada nayo ntchito yanga.

Mawa lake pamsika, munthu woyamba kubwera ndi njinga anali mlimi wa m'kalabu mwathu. Ndikumata chubu, iye anakhosomola.

"Mwaona chithunzi chaikidwa pagulu chija?"

"Ndaona."

"Mayi ameneuja, kaya ndi wa kuti kaya, jekete lake ndi labwino. Lofanana ndi lija linkakhala kutsogolo kumanzere m'tchalitchi."

Chubu chinandipulumuka. Jekete! Ndinali nditaphimba nkhope, dzina, chitenje, koma jekete la mizeremizere lokhala ndi chigamba pachigongono, limene dera lonse linaliona pa maukwati ndi pamaliro kwa zaka zambirimbiri, ndinalisiya poyera. Nthochi zija nazonso aliyense ankazidziwa. Kwa makompyuta akutali, amayi aja anali munthu wosadziwika. Kwa anthu a ku Chamama, kunali ngati kubisa ng'ombe poiveka chipewa.

Ndinadikira kuti mlimi uja atchule dzina. Sanatchule. Anangoti, "Mukadzakumana naye mayi ameneyo, mumuuze kuti kwanga mbande zachuluka, ndinafesa mowolowa manja." Anakwera njinga yake n'kumapita.

Tsiku lonse zinali choncho. Aliyense anali ataona, aliyense ankadziwa, koma poti nkhope inali yophimbidwa, aliyense anamva kuti mwini wake sakufuna kudziwika, ndipo anamupatsa ulemu umenewo. Ankangoti mayi wa pachithunzi. Wina anati mayi wa pachithunzi apungule udzu. Wina anati naye bedi lake layamba zomwezo, kungoti analibe mtima wojambulitsa. Ine ndinkangovomera kuti ndikamuona ndimuuza.

Koma mtima wanga unali pa munthu mmodzi. Madzulo dzuwa likupendeka, ndili kudambo ndi mkazi wanga ndi apongozi tikupungula udzu, tinaona amalume aja akutsetsereka ndi ndodo yawo, foni ili m'thumba la malaya. Ndi munthu wamtali, wa mawu ngati ng'oma. Apongozi anaongoka, anapukuta manja pa jekete. Bedi linali ndi zipsera zoonekeratu, zosabisika ngakhale kwa wakhungu.

Amalume anaima pamutu pa bedi, anayang'ana nthawi yaitali. Sanayang'ane mlongo wawo. Anatembenukira kwa ine.

"Akamwini, inu mumadziwa za mafoni. Pagulu paikidwa chithunzi cha mayi wina."

"Ndachiona, amalume."

"Sindikumudziwa."

"Inde, amalume."

"Mapazi ake akufanana ndi a malemu mayi athu, chala chachikulu chokhotera kunja. Koma mapazi amafanana."

Apongozi anabisa phazi limodzi kuseri kwa linzake.

"Alangizi alemba kuti vuto ndi madzi ochuluka," anapitiriza amalume, akukumba pansi ndi ndodo. "Ndiye mukamuona mayi ameneyo, mumuuze kuti pali nkhalamba ina yopanda nzeru imene yakhala ikubwera masana, anthu ali kumudzi, n'kumathira madzi pa mabedi ake. Inkaona ngati ikuthandiza. Inkaopa kuti mayiyo adzagwa ndi kheni m'manja, n'kutsatira mwamuna wake chaka chomwechi. Nkhalambayo yaika kale abale ambiri m'manda."

Mkazi wanga anatulutsa kamawu, kaya kuseka kaya kulira, n'kudzitseka pakamwa ndi chitenje. Ine ndinayang'ana nthochi, anzanga akale.

Apongozi anayankha akuyang'ananso ine, kapena kunena bwino, akuyang'ana phewa langa.

"Bambo, mukaiona nkhalambayo muiuze kuti mayi wa pachithunzi sagwa. Muiuzenso kuti kukhala pakhonde manja ali pamiyendo ndi kumene kungamuphe msanga."

Amalume anagwedeza mutu pang'onopang'ono. Anakoka mamina, ananamizira fumbi.

"Ngati bedi lamira ndi madzi a anthu ena, mlandu si wa mwini bedi," anatero. "Za munda zija zatha. Alime. Koma kheni izikhala ndi munthu mmodzi, enafe tizingotunga." Anatembenuka kuti azipita, kenaka anaima. "Ndipo amene anapaka laimu uja, ntchito yomanga asadzaiyerekeze."

Mbande zotsala zinapulumuka. Pomwe panaperewera, tinakatenga kwa mlimi wa njinga uja, amene mpaka lero amati anapereka kwa mayi wa pachithunzi. Mvula itagwa tinawokera munda wonse, apongozi ali kutsogolo ndi jekete lawo.

Tsiku lomaliza kuwokera, ndikutsuka matope kumiyendo, mkazi wanga anabwera kudzandiuza kuti amayi akundifuna pakhonde. Ndinapita, ndinanjuta chapatali, ndinayang'ana nkhokwe.

"Choyamba chija chikadalipo?" anafunsa.

"Chilipo, amayi."

"Mukachitsukitse ku Chamama. Chachikulu, kuti dzina lija lizioneka."

Ndinavomera, ndinayamba kudzuka chobwerera m'mbuyo.

"Bambo," anatero, "mpando uwo uli apo. Munandigwira kale mphuno, ndiye nkhokweyo mukuiyang'aniranji?"

Ndinakhala pampando, mpando wa malemu, ndinakweza maso. Kachipsera kaja kanalipodi pamwamba pa nsidze, koma maso sanalinso ofiira.